Kalata kwa makolo potseka teremu yachiwiri: avereji ya masamu ya Sitandade 7 ndi 54, osati 60

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana a pasukulu pano,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi anzanga onse. Teremu yachiwiri yatha, ndipo ana akubwera kunyumba ndi malipoti awo. Mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa nokha mmene imachitira miyezi ino. Ana ochokera ku Chibavi, ku Chiputula ndi ku Zolozolo akhala akufika m'mawa matope ali m'maondo, makope atakulungidwa m'majumbo, koma akhala akufika ndithu. Zikomo powadzutsa ndi kuwatumiza.

Kalata ya teremu ino italikirapo, chifukwa pali cholakwa chimene tinachita mu ofesi muno ndipo ndikufuna muchimve kwa ine, osati kuchigayo. Lolemba lapitali tinamata pa bolodi la zidziwitso pepala losonyeza mmene makalasi akhozera. Pa mzere wa Sitandade 7 tinalemba kuti avereji ya masamu ndi 60. Nambala imeneyo ndi yolakwika. Yoona ndi 54, ndipo ndi imene mupeze m'malipoti. Pepala lija ndinalisayina ndine, choncho musavutike kufunsa kuti analakwitsa ndi mphunzitsi uti.

Amene anatitulukira ndi mayi wina, kholo mnzanu, amene amagulitsa mbatatesi ku Zigwagwa. Anabwera Lachitatu kudzaona za yunifolomu, anaima pa bolodi paja kanthawi, kenaka anagogoda pa ofesi. Anati, "Ahedi, pepani ndifunse nawo. Mwana wanga wapeza 55, ndipo aphunzitsi ake akuti ali m'gulu la amene achita bwino m'kalasi mwawo. Nanga apa mwalemba 60 bwanji? Ndiye kuti mwana wanga ali pansi?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, khalani kaye pampando, tione limodzi." Ndinaitanitsa mabuku a malikisi a makalasi onse awiri, ndipo pasanathe mphindi khumi ndinaona kuti funso lawo linali m'malo.

Mukukumbukira kuti teremu yoyamba Sitandade 7 yonse inkaphunzirira mu holo. Teremu ino tinakonza kachipinda kaja kanali kosungiramo mabuku, ndipo munalowa madesiki 15 okha, ana awiriawiri. Ndiye Sitandade 7A ili ndi ana 30, pamene 7B yatsala mu holo ndi ana 90 amene analemba mayeso. Mphunzitsi aliyense anawerengera bwinobwino avereji ya kalasi yake. Ya 7A inatuluka 72, ya 7B inatuluka 48. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika chinabadwira pa tebulo langa, pamene tinafuna nambala imodzi ya Sitandade 7 yonse. Tinawonkhetsa 72 ndi 48, tinapeza 120, tinagawa pawiri, tinapeza 60. Zinaoneka zosavuta, ndipo aliyense anagwedeza mutu.

Kuti muone pamene pagona vuto, tiyambe ndi chimene mawu akuti avereji amatanthauza. Tiyerekeze kuti malikisi a mwana aliyense ndi mtedza. Ana onse akhuthulira mtedza wawo m'lichero limodzi, kenaka tikuwagawira mofanana, aliyense dzanja lake. Zimene mwana mmodzi walandira pamenepo ndiye avereji. Choncho pali zinthu ziwiri zokha zofunika kuzidziwa: mtedza wonse uli m'licheromo ndi wochuluka bwanji, ndipo manja olandira ndi angati.

Ana a 7A alipo 30, ndipo atagawana mofanana aliyense analandira 72. Ndiye kuti m'lichero mwawo munali 72 kuchulukitsa ndi 30, zimene ndi malikisi 2,160. Ana a 7B alipo 90, aliyense analandira 48, ndiye kuti mwawo munali 48 kuchulukitsa ndi 90, zimene ndi malikisi 4,320. Tsopano tikhuthulire zonsezi pamodzi. 2,160 kuwonkhetsa ndi 4,320 ndi malikisi 6,480. Olandira ndi ana 30 ndi ana 90, onse pamodzi 120. Tikagawa 6,480 kwa ana 120, aliyense alandira 54.

Njira yake ndi yomweyo, ndipo sisintha kaya mukuwerengera malikisi, ndalama kapena matumba a chimanga. Avereji ya gulu lililonse muichulukitse ndi chiwerengero cha gululo kuti mubwezeretse zonse zimene gululo linasonkha. Muwonkhetse zimene mwapeza ku magulu awiriwo. Kenaka mugawe ndi anthu onse a m'magulu awiriwo, osati ndi 2. Nambala 2 ija ikuwerenga makalasi, pamene ife tikufunsa za ana.

Ena munena kuti 60 ndi 54 sizikusiyana kwambiri. Tiyeni tiiyese 60 ija. Kuti ana 120 alandire 60 aliyense, m'lichero muyenera kukhala malikisi 7,200. Ife tili ndi 6,480 basi. Pakusowa malikisi 720, ndipo mutafufuza m'mapepala onse amene aphunzitsi anachonga simungawapeze, chifukwa palibe mwana amene anawalemba. Tinawapanga ife pa tebulo. Pogawa pawiri paja tinapatsa kachipinda ka ana 30 mphamvu yofanana ndi holo ya ana 90, ngati kuti mwana mmodzi wa 7A ndi ana atatu a 7B. Zili ngati pamsonkhano wa makolo titanena kuti benchi lakutsogolo, pamene pakhala anthu ochepa, mawu ake alemere chimodzimodzi ndi khamu lonse lakumbuyo. Simungavomere, ndipo mungakhoze.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi ichi. Teremu yoyamba, ana onse ali mu holo pa mndandanda umodzi, avereji ya masamu inali 57, ndipo imeneyo inawerengedwa bwino chifukwa panalibe magulu awiri oti tiphatikize. Pepala lathu la pa bolodi linkanena kuti takwera kuchoka pa 57 kufika pa 60. Zoona zake n'zakuti tatsika kuchoka pa 57 kufika pa 54. Tinatsala pang'ono kuombera m'manja chinthu chofunika kukhalira pansi. Ndipo mwana wa mayi aja, ndi 55 yake, tinamuika pansi pa avereji pamene ali pamwamba pake. Ana onse amene anapeza pakati pa 55 ndi 59 tinawalakwira chimodzimodzi, ndipo ngati ena mwa inu munakalipira kale mwana chifukwa cha pepala lija, ndikupempha mumuitane mumuuze kuti analakwitsa ndi ahedi.

Titamaliza kuwerengera, mayi aja anaseka, nati zimenezi iwo amakumana nazo ku msika sabata ndi sabata, kungoti sazitchula dzina la kusukulu. Ndibwereka chitsanzo chawo, koma mitengo ndaika yanga yongoyerekeza kuti masamu ayende bwino. Tinene kuti mwapita ku Jenda kukaoda mbatatesi. Mlimi woyamba wakugulitsani matumba awiri pa K40,000 thumba limodzi, ndipo atha. Matumba ena 8 mwagula kwa wina pa K50,000 limodzi. Mukangotenga pakati pa mitengo iwiriyi munena kuti thumba lakudyerani K45,000, ndipo mukagulitsa pa K46,000 mudziona ngati mwapindula K1,000 pa thumba. Koma werengani ndalama zimene zinatuluka m'chikwama. Matumba awiri aja ndi K80,000, matumba 8 aja ndi K400,000, zonse pamodzi K480,000 pa matumba 10. Thumba lililonse lakudyerani K48,000. Pogulitsa pa K46,000 mukuluza K2,000 pa thumba, K20,000 pa ulendo wonsewo, musanawerengere n'komwe galimoto ndi onyamula. Wamalonda amazindikira msanga chifukwa madzulo ndalama sizikwana. Ife a kusukulu palibe chikwama chimene chimatichenjeza, n'chifukwa chake 60 ija inakhala pa bolodi masiku awiri.

Pali njira yodziwira ndi maso okha kuti nambala yophatikiza yalakwika, ngakhale mulibe cholembera. Avereji ya onse iyenera kugwa pakati pa maavereji awiriwo, ndipo iyenera kutsamira ku gulu lalikulu. Pakati penipeni imagwapo pokhapokha magulu ali ofanana kukula. Ndikanayang'anitsitsa Lolemba lija, ndikanaona kuti 60 yakhala pakatikati pa 48 ndi 72, pamene holo ili ndi ana ochuluka katatu kuposa kachipinda. Zimenezo zokha zinali zokwanira kundiimitsa dzanja ndisanasayine.

Mungathe ngakhale kudziwa kuti itsamira motani. Kuchoka pa 48 kufika pa 72 pali mtunda wa malikisi 24. Pa ana anayi alionse a Sitandade 7, mmodzi yekha ndi wa 7A. Ndiye kachipinda kaja kangakoke avereji gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mtundawo, kuchokera pa 48. Gawo limodzi mwa anayi la 24 ndi 6, ndipo 48 kuwonjezera 6 ndi 54. Tafika pomwe paja podzera njira ina. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi poyesa ntchito ya munthu wina, chifukwa imatheka m'mutu uli chiimire. Koma polemba lipoti ndimafuna njira yoyamba ija, yochulukitsa ndi kuwonkhetsa, chifukwa imasiya manambala papepala oti wina aliyense awatsate.

Tsopano mawu pang'ono kwa inu amene mufune kubwereza masamuwa kunyumba, chifukwa ndikudziwa kuti ena mutero, ndipo ndikufuna mutero. Mwana wanu akakuuzani kuti m'kaundula wa 7B muli mayina 94, sakunama. Ana anayi sanalembe mayeso a masamu, ena chifukwa cha malungo, wina chifukwa cha maliro kumudzi. Avereji ya 48 ija inachokera kwa ana 90 amene analemba, ndiye pochulukitsa tiyenera kugwiritsa ntchito 90 yemweyo. Mukachulukitsa 48 ndi 94 ndiye kuti mwapereka malikisi 48 kwa ana anayi amene sanagwire n'komwe pepala. Mukatenga malikisi 6,480 aja n'kugawa ndi 124 ndiye kuti mwawalembera ziro, ndipo avereji itsika kufika pa 52 ndi kanthu, ngati kuti kudwala malungo ndi kulephera masamu. Nambala yochulukitsira ndi ija inagwiritsidwa ntchito pogawa poyamba, osati ya m'kaundula.

China ndi foni. Mphunzitsi wina wachinyamata pano anafuna kutitsimikizira pa foni yake, ndipo anabwera akukanda mutu kuti yamupatsa 2,196. Anali atalemba 2160 + 4320 ÷ 120 mosadukiza. Mafoni ambiri amayamba kugawa asanawonkhetse, ndiye inagawa 4,320 yokha ndi 120, inapeza 36, n'kuwonjezera pa 2,160. Mukawonkhetsa, dinani kaye chizindikiro cha = kuti 6,480 ioneke, kenaka mugawe. Ubwino wa cholakwa ichi n'chakuti chimadziulula chokha, poti palibe mwana angapeze 2,196 pa mayeso a malikisi 100. Choopsa ndi cholakwa chonga 60 ija, chimene chimaoneka ngati chanzeru.

Ndinene chilungamo pa chinthu chinanso chaching'ono. Nditawonkhetsa ndekha malikisi a 7B m'buku, dzina ndi dzina, ndinapeza 4,338, osati 4,320. Aphunzitsi sanalakwitse. 4,338 kugawa ndi 90 ndi 48.2, ndipo iwo anataya kanyenyeswa ka 0.2 kaja n'kulemba 48, monga timachitira tonse. Koma kanyenyeswa kakachulukitsidwa ndi ana 90 kamasanduka malikisi 18. Pa nkhani yathuyi sikanasinthe kanthu: 2,160 ndi 4,338 ndi 6,498, kugawa ndi 120 ndi 54.15, imene timalembabe 54. Komabe ngati mabuku alipo, ndi bwino kutenga malikisi onse a m'buku kusiyana ndi kuwabwezeretsa kuchokera ku avereji yodulidwa kale. Kuchulukitsa avereji ndi chiwerengero ndi njira ya pamene mabuku ali kutali. Ndipo ngati wina wakupatsani maavereji awiri okha osakuuzani kuti gulu lililonse linali ndi anthu angati, palibe masamu amene angakupatseni avereji ya onse. Chimene munganene n'chakuti ili penapake pakati, basi. Mufunseni ziwerengerozo.

Tinayang'ananso ngati makalasi awiriwa analemba pepala limodzi. Analemba limodzi, la malikisi 100, tsiku limodzi. Zikanakhala kuti 7A inalemba pepala la malikisi 50 ndipo 7B la 100, tikanayenera kuyamba tawaika pa muyeso umodzi tisanaphatikize chilichonse. Zikanakhala kuti mafunso anali osiyana, nambala yophatikizayo ikanatuluka ndithu, koma sindikanaikhulupirira kwenikweni.

Titaona cholakwa chimodzi tinakayikira pepala lonse, ndipo tinapeza chinzake pa mzere womwewo. Tinalemba kuti ana 70 pa 100 alionse a Sitandade 7 akhoza masamu. Mu 7A anakhoza ana 27 mwa 30, imene ndi 90 peresenti. Mu 7B anakhoza 45 mwa 90, imene ndi 50 peresenti. Pakati pa 90 ndi 50 ndi 70, ndipo mwaona kale mmene tinaipezera. Koma werengani mitu ya ana. Okhoza ndi 27 ndi 45, onse pamodzi 72, mwa ana 120. Imeneyo ndi 60 peresenti. Ana 48 sanakhoze, pamene pepala lathu linkasonyeza ngati ndi 36 okha. Ana 12 olephera anabisika m'masamu athu, ndipo amenewo ndi ana enieni, okhala ndi mayina, amene chaka chamawa akhale mu Sitandade 8 kukonzekera mayeso a MANEB. Peresenti nayonso ndi avereji, ndiye imafuna ulemu womwewo. Zotsatira za Sitandade 8 zikadzatuluka, mukadzamva wina akuphatikiza peresenti ya anyamata ndi ya atsikana n'kugawa pawiri, mudzamufunse kuti anyamata analemba angati ndipo atsikana angati.

Makalasi ena onse tawabwereza. Mu Sitandade 5 magulu awiri ali ndi ana ofanana chiwerengero, ndiye kugawa pawiri kunapereka yankho loona, mwamwayi chabe. Mu Sitandade 6 akusiyana ndi ana atatu okha, ndipo nambala inasuntha pang'ono kwambiri moti polemba yakhala yomweyo. Cholakwachi chimakula pamene zinthu ziwiri zakumana: magulu asiyana kwambiri kukula, ndiponso maavereji awo atalikirana. Mu Sitandade 7 zonse ziwiri zinakumana. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake chizolowezi chogawa pawirichi chakhala nafe nthawi yaitali osagwidwa. Zaka zonsezi makalasi athu amakhala pafupifupi ofanana, ndipo njira yolakwika inkatipatsa mayankho oyandikira.

Ndikudziwa funso limene likubwera, ndipo ndi labwino: n'chifukwa chiyani 7A yapeza 72 pamene 7B yapeza 48? Musathamangire kunena kuti mphunzitsi wa mu holo akugona. Posankha ana 30 olowa m'kachipinda tinatenga amene anachita bwino teremu yoyamba. Tinachotsa okhoza kwambiri mu holo, ndiye avereji ya holo inayenera kutsika ngakhale mwana aliyense akanapeza malikisi omwe aja a kale. Pa chifukwa chimenechi 72 payokha sitiuza kuti kachipinda kathandiza, ndipo 48 payokha sitiuza kuti holo yalephera. Nambala yokhayo imene tingaiyerekeze ndi 57 ya teremu yatha ndi ya ana onse pamodzi, 54. Imeneyo ikuti tatsika ndi malikisi atatu. Maganizo anga, ndipo ndi anga ndekha, ndi akuti tinalakwitsa kasankhidwe. Kachipinda kabata, ka mphunzitsi wofika pa desiki lililonse, mwina kakanathandiza kwambiri ana amene akuvutika ndi kugawa ndi mafulakishoni kusiyana ndi amene akudziwa kale. Aphunzitsi ena sakugwirizana nane, ndipo ali ndi zifukwa zawo zomveka. Nkhaniyi tiibweretsa kwa inu ndi a komiti ya sukulu.

Kuyambira teremu ikubwerayi, pepala lililonse la pa bolodi lizisonyeza zinthu zitatu pa kalasi iliyonse: ana amene analemba, malikisi onse pamodzi, ndi avereji. Tikatero mungathe kutiyesa nokha muli chiimire pa bolodipo. Pepala lokonzedwa la teremu ino tamata kale, ndipo lakale lija talisiya pambali pake titalidula mzere wofiira, kuti amene analiona poyamba asasokonezeke.

Pa tchuthi, ana a Sitandade 7 tawapatsa ntchito imodzi yokha ya masamu. Afunse kunyumba chinthu chimene chinagulidwa kawiri pa mitengo yosiyana ndi muyeso wosiyana, kaya ndi makala, ufa kapena feteleza, ndipo apeze mtengo weniweni wa chimodzi. Chonde auzeni manambala oona, ndipo akagawa pawiri musawauze yankho, ingowafunsani kuti ndalama zonse zimene zinatuluka zinali zingati.

Msonkhano wa makolo a Sitandade 7 udzakhala Loweruka loyamba sukulu ikatsegulidwa, 9 koloko m'mawa, mu holo momwemo kuti mudzaone nokha mmene ana 94 amakhalira. Mudzafunse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, mmene mungamasukire. Mabuku a malikisi adzakhala pa tebulo, ndipo kholo lililonse lidzaona mzere wa mwana wake. Tsiku lotsegulira lalembedwa kumapeto kwa lipoti. Musayine lipotilo ndipo mwana adzabwere nalo tsiku loyamba, pamodzi ndi mabuku a sukulu amene anabwereka.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu